Chifukwa chake timagawa ndi n − 1

"Abale, ku UNZA atiuza kuti variyansi ya sampulo tizigawa ndi n − 1, osati n. Imodziyo ikupita kuti? Ine ndangoloweza."

M'bale wanga, musaloweze, tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti pa Soweto pali amayi atatu okha ogulitsa tomato, ndipo lero agulitsa mabokosi 2, 4 ndi 6. Avereji yawo ndi 4, variyansi yeniyeni ndi (4 + 0 + 4)/3 = 8/3.

Lembani manambalawa pa timapepala, muponye m'chipewa. Tolani kamodzi, mukabwezere, mutolenso. Sampulo yanu ndi n = 2, ndipo ingatuluke m'njira 9. Pa njira iliyonse onani mmene manambala awiriwo atalikirana ndi avereji yawoyawo, muchite sikweya, muphatikize. Pa (2,2), (4,4) ndi (6,6) mupeza 0. Pa zinayi zoyandikana, monga (2,4), mupeza 2. Pa (2,6) ndi (6,2) mupeza 8. Zonse pamodzi ndi 24, ndiye avereji yake ndi 24/9 = 8/3.

Mwaona? Mukagawa ndi n − 1, yomwe pano ndi 1, mwafika pa 8/3 ndendende. Mukagawa ndi 2 mupeza 4/3, theka lokha. Kuperewera kumeneku ndiye bayasi.

Gwero lake ndi ili: avereji ya sampulo imachokera m'manambala omwewo amene mukuyeza, choncho imakhala pakati pawo nthawi zonse. Mukatola (6,6) iyonso imathamangira pa 6 n'kukuuzani kuti palibe kusiyana, pomwe avereji yeniyeni ili pa 4. Komanso mitunda yochokera pa avereji ya sampulo ikaphatikizidwa ndi zizindikiro zake za + ndi − imapereka 0, ndiye mukadziwa n − 1 mwa iyo, wotsalawo wadziwika kale.

Koma pali china chimene chimandiwawa chikadumphidwa m'kalasi. Kusowa bayasi sikutanthauza kuti yankho lanu lili pafupi ndi zoona. Choyezera kuphonya konse ndi MSE, avereji ya masikweya a kuphonyako:

MSE = Bias² + Variance

Pogawa ndi n − 1 mayankho athu ndi 0, 2 ndi 8. Bayasi palibe, koma amwazikana kwambiri, moti MSE = 80/9, pafupifupi 8.9. Pogawa ndi n mayankho ndi 0, 1 ndi 4: bayasi ndi −4/3, sikweya yake 16/9, variyansi 20/9, ndiye MSE = 36/9 = 4. Njira yokhotayo yaphonya mochepa poyerekeza ndi yowongoka!

Pa mayeso ndi mu lipoti gawani ndi n − 1, pokhapokha ngati avereji yeniyeni mwapatsidwa kapena mwawerenga gulu lonse. Chenjeraninso pa kompyuta: mu Excel, VAR.S imagawa ndi n − 1 pomwe VAR.P imagawa ndi n, ndipo mu Python np.var imagawa ndi n mpaka mutalemba ddof=1. Yankho lanu likasiyana pang'ono ndi la mnzanu, gawani laling'ono ndi lalikulu. Mukapeza (n − 1)/n, vuto lagona pamenepo.