Kulengeza pabanja sikusamutsa masheya

"Ndili ndi kampani yonyamula katundu, ndipo masheya onse 100 ali m'dzina langa. Pamsonkhano wa banja ndinalengeza kuti mwana wanga wamkazi, amene wagwira nane ntchito zaka 12, adzatenga 60, alongo ake awiri 20 aliyense. Achimwene anga akuti zakwanira poti mboni zilipo. Kodi ndi zoona?"

Bambo, achimwene anuwo akukusokeretsani, ndipo zimandiwawa kuti malangizo otere amachokera kwa anthu amene sadzakhalapo pamene ana akukokana kukhothi. Kampani imazindikira mwini masheya poona dzina lolembedwa m'kaundula wa eni masheya. Kuti dzina lisinthe, mumasaina chikalata chosamutsira masheya, madayilekitala n'kuvomereza monga malamulo a kampaniyo anenera, kenako dzina latsopano n'kulowa m'kaundula. Lonjezo la mphatso lomwe silinafike pamenepa khothi nthawi zambiri silikakamiza kuti likwaniritsidwe, ngakhale mboni zichuluke.

Ndinaonapo mlandu ukugwera pomwepa. Mwini kampani anadzaza chikalata chosamutsira masheya, koma anachisunga m'kabati osasaina, akuti adikire kaye aone khalidwe la mwana. Atamwalira, masheya onse analowa m'chuma cha masiye, ndipo poti panalibe wilo, anayenera kugawidwa kwa onse oyenera kulandira. Choipa koposa, malemuwo ndiwo okha anali dayilekitala komanso wosainira kubanki. Panalibe wolipira antchito kapena kugula mafuta kufikira khothi litasankha woyang'anira chumacho, ndipo izi zinatenga miyezi. Makasitomala sanadikire. Mwana amene ankayendetsa bizineziyo mwina akanapezako kena pa mlandu wa lonjezolo, koma milandu yotere ndi yodula, ndipo sindingalonjeze munthu kuti apambana.

Sankhani tsono: kusamutsa masheya mudakali moyo, kapena kuwagawa kudzera mu wilo. Mukhoza kuyamba ndi 20 okha, inu n'kutsala ndi 80 ndi ulamuliro wonse. Musanasaine, funsani za msonkho, chifukwa ngakhale mphatso ikhoza kukhala nawo. Wilo itchule masheya otsalawo ndi manambala ake, ndipo loya aiyerekeze ndi malamulo a kampani yanu, poti ena amaletsa masheya kupita kwa munthu popanda chilolezo cha madayilekitala.

Mwezi uno womwe ikani mwana wanuyo kukhala dayilekitala wachiwiri ndi wosainira kubanki. Ana atatuwo asainirane pangano loti wofuna kugulitsa masheya ake ayambe wafunsa abale ake, ndipo litchule amene adzawerengere mtengo wake. Lilekanitsenso malipiro a wogwira ntchito ndi phindu logawana, apo ayi mwini 60 adzadzikwezera malipiro, a 20 aja n'kutsala opanda kanthu. Ndipo wina akakunyengererani kuti mugawe 50 kwa 50 pofuna chilungamo, kanani: mbali ziwirizo zikasemphana, palibe chiganizo chimene chidzadutse.