Denga lodontha: yang'anani phaso musanagule phula

"Achimwene, onani chithunzicho. Denga likudontha pamene pali bedi la ana, ndipo ya malata atsopano ndilibe. Ndimate ndi chiyani kuti tikafike Epulo?"

Mayi, chithunzi chanu chandikumbutsa nyumba ya amayi anga ku Chilomoni. Denga lawo linkadontha pakona imodzi, ndipo zaka zitatu ndinkakwera chaka chilichonse mvula ikayandikira, kumata phula pamene ndaona dzimbiri. Kudontha kunkaleka, mtima nkukhala pansi. Koma madzi ankalowa ndithu pa msomali wina chakumtunda, nkumatsata phaso mwakachetechete. Mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 itagwa masiku otsatizana, phaso lija linathyoka usiku, siling'i nkugwera pamene amayi ankaika mphasa yawo. Mwamwayi anagona chipinda china. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa nditakhudza thabwalo m'mawa linali lofewa ngati chinangwa chophika.

Ndipo ndinene mosabisa, ambiri mwa madenga odonthawa anawonongeka tsiku lomwe ankakhoma. Msomali umakhomedwa pamwamba pa mzere wotukuka wa lata, osati m'ngalande moyenda madzi. Pachithunzi chanu ndikuona misomali iwiri ili m'ngalande, dzimbiri litaizungulira. Amene anakhoma anafulumira, kapena anaphonya phaso nkungosiya. Palinso nkhani ya malata opyapyala: geji 32 ndi yopyapyala kuposa geji 28, nambala ikamakula lata limachepa mphamvu, ndipo mphepo ikamaligwedeza bowo la msomali limakula.

Chochita sabata ino

Masana dzuwa likuwala, tsekani mawindo muyang'ane kudenga. Ngati pali siling'i, suzumirani mkati mwake. Bowo limaoneka ngati kanyenyezi, ndipo kawirikawiri limakhala kumtunda kwa pamene pakudontha. Dikirani denga liume. Wokwerayo aponde pamzere wa misomali pokha, atalikirane ndi waya wamagetsi. Apale dzimbiri ndi sandipepala, apukute fumbi, apake phula, aike kachigamba ka nsalu kopitirira bowo ndi masentimita 5 mbali zonse, apakenso phula pamwamba. Msomali wogwedera auzule, amate bowolo, akhome wina wokhala ndi washa ya rabala pamzere wotukuka. Dzuwa limang'amba phula, choncho muwerengere dzinja limodzi basi.

Koma chandidetsa nkhawa ndi kuda kwa thabwa lomwe likuoneka kumanzere. Libayeni ndi msomali. Ukalowa mosavuta, kapena mukaona dothi la chiswe, musalole munthu kukwera, itanani mmisiri. Chimodzimodzi ngati denga lapindika pakati, ngati lata likubooka mukalikanikiza ndi chala, kapena madzi akulowa polumikizana malata, chifukwa pamenepo mpofunika kuzula ndi kusanjanso. Mukamuitana mumuuze ayambe waona mapaso onse asanatchule mtengo. Bedi la analo lisuntheni lero lomwe.