Kodi "isn't it" amakwanira paliponse?

"Ndinalembera mnzanga uthenga wa pafoni wakuti *You bought the rice at the market, isn't it?* ndipo iye anandiuza kuti ndalakwitsa. Chikhalirecho ambirife kuno ku Chibavi timalemba choncho. Cholakwika n'chiyani?" Watero wowerenga wina wa ku Mzuzu.

Mnzanuyo wanena zoona, ndipo gwero la vutoli ndi lakuti m'Chichewa timangoti "eti?" kapena "si choncho?" kumapeto kwa chiganizo chilichonse, pamene m'Chingerezi kafunso ka kumapetoka kamasintha potsatira mneni ndi mwininkhani wa chiganizocho.

Choyamba fufuzani mneni wothandizira, monga *is*, *have*, *can* kapena *will*. Mukamupeza mubwerezeni kumapeto, ndipo ngati chiganizo chili chovomera kafunsoko kakhale kokana, ngati chili chokana kafunsoko kakhale kovomera. N'chifukwa chake timalemba *You are coming to Katoto, aren't you?* komanso *She can't drive, can she?* Dzina la munthu kapena la chinthu silibwerezedwa, limasanduka mlowam'malo: *The minibus has left, hasn't it?*

Chiganizo chanucho chili m'gulu limene limasokoneza anthu ambiri, chifukwa mulibemo mneni wothandizira woonekera. Zikatero timabwereka *do*, *does* kapena *did* malinga ndi nthawi ya mneni. Mawu akuti *bought* akunena zimene zinachitika kale, choncho tikutenga *did*. Chiganizocho n'chovomera, choncho *did* akhala *didn't*. Amene anagula mpungayo ndi *you*, ndipo ameneyo ndiye abwerere kumapeto. Munayenera kulemba kuti *You bought the rice at the market, didn't you?* Zikanakhala zochitika nthawi zonse mukanalemba *You buy rice there, don't you?* ndipo za munthu wina mmodzi mukanati *He buys rice there, doesn't he?* Malo enieni a *isn't it* ndi pamene chiganizo chili ndi *is* ndipo mwininkhani ndi chinthu chimodzi, monga *It is cold in Mzuzu today, isn't it?*

Chenjeraninso ndi mawu ofupikitsidwa amene timawakonda m'mauthenga a pafoni, pakuti *'s* akhoza kuimira *is* kapena *has*. Mu *She's tired* ndi *is*, ndiye *isn't she?*, koma mu *She's paid the fees* ndi *has*, ndiye *hasn't she?* Mawu ngati *never* ndi okana kale ngakhale mulibe *not*, motero timalemba *He never replies, does he?*

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kayankhidwe, chifukwa pamenepa uthenga umasokonekeratu. Wina akakulemberani kuti *You didn't pay, did you?* inu musanalipire, mtima wa Chichewa umafuna kuyankha kuti "inde, sindinalipire", koma *Yes* m'Chingerezi amveka ngati mukuti munalipira. Ngati simunalipire lembani *No, I didn't*, ndipo ngati munalipira lembani *Yes, I did*.