Chikwangwani cha pachithunzi sichikuwerengeka, nditani?

"Abale, ndili ndi chithunzi chomwe ananditumizira pa WhatsApp. Kumbuyo kuli kachikwangwani komwe ndikufuna ndiwerenge kuti ndidziwe malo ake, koma ndikakulitsa zilembo zikungoti mbuu. Pali njira?"

Musanayambe kukonza chilichonse, bwererani kwa amene anajambulayo akutumizireninso chithunzicho ngati Document, osati mwa masiku onse muja. Chithunzi ndi timadontho tamitundu, mapikiselo, ndipo mukamakulitsa ndi zala simukuwonjezera kanthu, mukungotukumula timadontho tomwe tilipo kale. WhatsApp imachepetsa chithunzi isanachitumize, kawirikawiri mbali yaitali imatsala mapikiselo 1600 kapena kuyandikira pamenepo. Tiyerekeze kuti foni inajambula cha 4000 ndi 3000, ndipo zilembo za pachikwangwanipo zinali zotalika mapikiselo 15. Pofika kwa inu zatsala 6 basi. Chilembo cha mapikiselo 15 chimawerengeka ngakhale chithunzi chitakhala chachimbuuzi pang'ono, koma pa 6, B ndi 8 zimaoneka chimodzimodzi, E ndi F chimodzimodzinso. Ndiye ngati chomwe muli nachocho ndi sikirinishoti ya chithunzi chomwe chadutsa m'magulu angapo, musadzivutitse, sakani choyambacho.

Mukachipeza, sungani kope lina pambali, kenaka dulani. Musadule mothinitsa pa zilembo penipeni, siyani chikwangwani chonse ndi malo pang'ono m'mbali, chifukwa mtundu wake, chizindikiro kapena muvi zimathandiza kuzindikira mawu. Sungani chodulacho ngati PNG, osati JPEG. JPEG imagawa chithunzi m'timabokosi ta mapikiselo 8 ndi 8 n'kutaya zina, ndipo mukamakonza n'kusunga mobwerezabwereza zilembo zimanka ziwonongekera.

Ine ndimakonda pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP pa kompyuta, ndi yaulere. Pitani pa Image > Scale Image, kulitsani kanayi, ndipo pa Interpolation sankhani Cubic kuti timabokosi tisalale. Ngati chikwangwanicho chinajambulidwa cham'mbali, chiwongoleni ndi Perspective kuti chioneke ngati mwachiyang'ana maso ndi maso. Kenaka Colors > Curves: tsitsani mbali yakuda, kwezani yowala, mpaka zilembo zisiyane bwino ndi pomwe zalembedwa. Kunena zoona, apa ndi pomwe mawu ambiri amatulukira, kuposa pa kunola komwe anthu amathamangira. Yesaninso Colors > Components > Decompose, yomwe imagawa chithunzi patatu, chofiira, chobiriwira ndi cha buluu. Zilembo zofiira pa chikwangwani choyera zimazimirira mu gawo lofiira koma zimada bii mu lobiriwira.

Kunola kubwere pomaliza, pa Filters > Enhance > Sharpen (Unsharp Mask). Chomwe imachita ndi kudetsa mbali imodzi ya mphepete mwa chilembo n'kuwalitsa inayo, kuti diso lione malire. Radius ndi kukula kwa mphepete yomwe ikukhudzidwa, Amount ndi mphamvu yake. Yambirani pa Radius 3 ndi Amount 0.5, muzikweza pang'onopang'ono. Mukangoona mkombero woyera kuzungulira zilembo, kapena timadontho tachabechabe tayamba kuoneka ngati zolemba, mwapyola muyeso, bwererani m'mbuyo. Pa foni, pulogalamu ya Snapseed ili ndi Details momwe muli Structure ndi Sharpening, imagwira ntchito ndithu ngakhale kuti simungayeze bwinobwino ngati pa kompyuta.

Yang'ananinso mtundu wa chimbuuzicho. Ngati zinthu zonse zakokekera mbali imodzi ndipo chilembo chikuoneka ngati chili ndi mthunzi wake, dzanja linagwedezeka pojambula, ndipo kunola kumangolimbitsa mthunziwo. Ngati munthu wa kutsogolo akuoneka bwino koma kumbuyo kuli mbuu mofanana mbali zonse, kamera inalunjika pa munthuyo, ndipo apa kunola kumathandizako ngati chimbuuzicho ndi chochepa. Chikakhala chachikulu kuposa kunenepa kwa mizere ya zilembo, palibenso chobweza.

Mukamaliza, chepetsani chithunzicho pa sikirini kapena sunthirani patali pang'ono. Diso limagwira mawu msanga akakhala aang'ono kusiyana ndi atadzaza sikirini yonse. Werengani kuti zilembo zilipo zingati, mipata ili pati, ndi ziti zazitali, ndi ziti zooneka ngati manambala. Lembani zomwe mwatsimikiza zokha, penapo ikani chizindikiro cha funso. Chenjerani ndi maso anu omwe: mukakhala kuti muli ndi dzina la malo m'mutu, muliona paliponse. Choncho onetsani anthu awiri osawauza zomwe mukuganiza, aliyense awerenge payekha. Ndipo funsani ngati wojambulayo ali ndi zithunzi zina za nthawi yomweyo kapena vidiyo, chifukwa m'vidiyo mumatha kuyimitsa pomwe kamera inakhazikika n'kupeza chikwangwani chomwecho chikuwerengeka popanda kukonza.