Modelo ikakhoza mayeso koma n'kulephera pa invoisi yachilendo

"Ndinaphunzitsa LayoutLMv3, modelo ya kompyuta yowerenga zikalata, kutola katundu, kuchuluka, mtengo wa chimodzi ndi mtengo wonse pa mainvoisi athu. Poyesa imakhoza 95 pa 100, koma pakabwera wogulitsa watsopano imasokoneza. Vuto lili pati?"

Achimwene, ndikukayikira mmene munagawira mainvoisiwo. Mukawasakaniza n'kupatula ena oyesera mwachisawawa, wogulitsa mmodzi amapezeka mbali zonse ziwiri. LayoutLMv3 imaphunzira mawu pamodzi ndi malo awo patsamba, ndiye imaloweza kuti kwa uje mtengo umakhala kumanja kwenikweni. Mayesowo akungoyeza kuloweza. Gawani potsata wogulitsa, kuti amene ali m'gulu loyesera asaonekeko n'kamodzi komwe pophunzitsa. Mu scikit-learn, laibulale ya Python, zimatere:

```python
GroupShuffleSplit(test_size=0.2).split(X, groups=ogulitsa)
```

Nambala idzatsika, musadandaule. Yotsikayo ndiye yoona. Ndipo pokonza, mainvoisi ochepa ochokera kwa ogulitsa ambiri amathandiza kuposa mulu wa wogulitsa mmodzi.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi kawerengedwe. Tiyerekeze invoisi ya mizere 10, uliwonse wa zigawo zinayi, zonse pamodzi 40. Pamzere wa simenti, dzina la katundu latalika n'kutsikira pansi, modelo n'kuliyesa katundu muwiri. Pamzere wa misomali, pulogalamu yowerenga zilembo, monga Tesseract, yaona 7 pamene pali 1. Mukawerenga zigawo, 38 mwa 40 zili bwino, ndiye 95 pa 100 ija. Koma akauntanti salowetsa zigawo m'mabuku, amalowetsa mzere wathunthu. Modelo yatulutsa mizere 11 ndipo yolondola kotheratu ndi 8 yokha. Pa zimene yatulutsa, zoona ndi 8/11, kapena kuti 0.73. Pa zimene zinalipo, yapeza 8/10, yomwe ndi 0.80. F1 yake, nambala yophatikiza ziwirizi, ndi 16/21, pafupifupi 0.76. Invoisi yake ndi yomweyo, koma iyi ndiye nambala yowauza abwana.

Musanayerekeze mizere, konzani manambala kuti 1,250.00 ndi 1250 ziwerengedwe chimodzimodzi, apo ayi mudzaimba mlandu modelo pomwe sinalakwe. Mzere uliwonse weniweni uphatikizidwe ndi mzere umodzi wokha wa modelo, wotsala ndi wolakwika.

Kuti mudziwe cholakwa ndani, lembani pamanja mawu a mainvoisi angapo, ndi malo ake, muipatse modelo m'malo mwa zotuluka mu Tesseract. Zikakhala bwino, vuto ndi Tesseract, sikani kapena zithunzi zapafoni, osati maphunziro.

Ikayamba ntchito simudzakhala ndi mayankho oyerekezera, koma masamu alipo. Kuchuluka kuchulukitsa ndi mtengo wa chimodzi kufanane ndi mtengo wa mzere, pokhapokha pali kuchotsera, ndipo mizere yonse ikwane ndalama za pansi msonkho usanaikidwe. 7 uja agwidwa pomwepo. Dzina lodukalo masamu saligwira, choncho mzere wopanda mtengo uzipita kwa munthu auone.