Uthenga wothokoza ndi lisiti lanunso

"Achemwali, ndinatumiza matumba 120 a nyemba kuchokera ku Ulongwe kupita kwa bambo wina wa sitolo ku Tete. Tinagwirizana metikashi 3,500 thumba limodzi, ndipo lero alipirako 300,000. Ndalemba chonchi: 'Bwana wanga, zikomo zikomo kwambiri!!! Ndalama zonse ndalandira. Mwandipulumutsa, ngongole zinandifika m'khosi. Ndinu bambo anga, musadzanditaye.' Nditumize, kapena pa malonda sitilemba chonchi?"

Achimwene, musatumize kaye. Mtima wothokozawo ndi wabwino, koma pali mawu amodzi amene angakudyereni ndalama, mawu akuti "zonse". Matumba 120 pa 3,500 ndi 420,000. Mwalandira 300,000, kwatsala 120,000. Inu mukutanthauza zonse zimene atumiza lero, koma pakapita mwezi bamboyo, kapena mwana wake wosunga mabuku, akadzatsegula foni adzawerenga kuti ngongole inatha, ndipo umboni wake mudzakhala mutalemba ndinu. Ine zinandionekerapo pa kachewere wa ku Tsangano. Wogula sanali wakuba ayi, anangokhulupirira zimene ndinalemba ndekha, ndipo mpaka tinakhalirana pansi ndi dalaivala wa lole kuwerenga matumba. Ndalama ndinalandira, koma ubale wathu unazizira.

Malonda athuwa ambiri amayenda popanda pepala losainirana. Chimene chimatsala ndi mauthenga a pa foni. Ndiye pothokoza muziikamo chiwerengero cha ndalama, tsiku, njira imene zabwerera, katundu wake, ndi zotsala. Mutchulenso mtundu wa ndalamazo. Kuno kumalire a Kalomwe ndi Dedza timagwira metikashi ndi kwacha tsiku limodzi, ndipo 300,000 yongolemba yokha ikhoza kuyambitsa mkangano.

Musanalembe n'komwe "ndalandira", onani nokha kuti zalowadi. Chithunzi cha lisiti chimene wogula wakutumizirani pa WhatsApp si ndalama, ngakhalenso uthenga wooneka ngati wa M-Pesa kapena e-Mola, chifukwa akathyali amatha kulemba wofanana nawo. Tsegulani akaunti muone ngati ndalama zanu zakwera. Ngati zachokera ku banki ina zimatha kuchedwa, ndiye mungolemba kuti "Ndaona lisiti, ndikudziwitsani zikalowa."

Tsono za "mwandipulumutsa" ndi ngongolezo. Ndikudziwa mmene mtima umakhalira pansi ndalama ikalowa, alimi a ku Domwe atakuimbirani sabata yonse kufunsa zawo. Koma zimenezo muuze akunyumba. Wogula akadziwa kuti mwapanikizika, ulendo wotsatira adzati 3,200, podziwa kuti simungakane, ndipo 300 pa thumba pa matumba 120 ndi 36,000 yopita. Komanso bamboyo sanakupatseni mphatso. Walipira nyemba zimene munasankha, munayeza pa sikelo, n'kukweza pa lole. Mumuthokoze chifukwa chosunga pangano ndi kulipira pa nthawi yake. Mawu akuti "ndinu bambo anga, musadzanditaye" amamusenzetsa katundu amene sanapemphe, ndipo ena amayamba kuopa kuti kutsogoloku kubwera pempho la ngongole.

Ine ndikanalemba chonchi, tsiku muike lanu:

"Mwaswera bwanji Bambo? Ndikutsimikiza kuti lero, pa 14 Juni, ndalandira ku banki metikashi 300,000 pa matumba 120 a nyemba aja. Pa 420,000 imene tinagwirizana kwatsala 120,000, yomwe munati mudzamaliza kumapeto kwa mwezi uno. Zikomo kwambiri posunga pangano lathu, ndasangalala kugwira nanu ntchito. Mupereke moni kunyumba."

Ngati tsiku lomalizira simunapangane, musalipeke. Funsani mwaulemu kuti "Yotsalayo ndiyembekezere liti?" basi.

Onani kuti ulemu wonse ulimo. Moni ali poyamba, chifukwa kwathu sitiyamba ndi ndalama munthu tisanamulonjere. Zikomo ndi mmodzi, zizindikiro zofuula zija zachoka. "Bwana wanga" ndasintha kukhala "Bambo", mawu olemekeza koma osakuikani pansi ngati wantchito wake. Ngati mumapemphera limodzi, "Mulungu akudalitseni" alowe, palibe vuto. Ngati iye amalemba Chipwitikizi kapena Chinyungwe, monga ambiri a mumzinda wa Tete, mulonjereni m'chilankhulo chakecho, koma mzere wa ndalama ulembedwe m'chilankhulo chimene nonse awiri mumamva bwino, ndi manambala osati mawu.

Za soya amene muli naye musaike mu uthenga womwewu. Zikomo wobwera ndi malonda kumsana amamveka ngati nyambo. Dikirani ayankhe, papite tsiku limodzi kapena awiri, kenako mumuuze. Ndipo mutumize kwa iye yekha, lero lomwe dzuwa lisanalowe, osati pa gulu la amalonda. Msewu wa ku Ulongwe timayenda ambiri, si onse ayenera kudziwa kuti m'thumba mwanu mwalowa 300,000.