Makina a agogo: Singer weniweni kapena wotengera?

"Akuluakulu, kwathu ku Chinamwali tili ndi makina osokera akuda amene agogo anasiya. Pamkono panalembedwa SINGER ndi zilembo zagolide, ndipo pali chithunzi cha chilombo chamapiko cha mutu wa munthu. Telala wina wa mumsika wa Zomba akuti ndi a ku China. Ndingadziwe bwanji amene anawapanga ndi zaka zake?"

Achemwali, dzina la pamkono mulisiye kaye, chifukwa limamatidwa ndi aliyense amene ali ndi penti. Chitsulo chimene ndiye chosanama.

Yambani ndi kachitsulo kozungulira kokhwimitsira ulusi. Ngati kali kumapeto kwa mutu, kuloza kumanzere, ndipo bobini imalowa m'kachikopa kake kochotseka kuchokera m'mbali pansi, makinawo ndi a mtundu wa Singer 15. Ngati kali kutsogolo, kukuyang'anani mukakhala pansi, ndipo bobini mumangoiponya kuchokera pamwamba, ndi 66, 99 kapena 201. Apa tepi ithandiza: thebulo lachitsulo la 66 limatalika pafupifupi masentimita 37, pomwe la 99 limangopitirira pang'ono 30.

Ambiri amene mumawaona pamakonde a masitolo ndi a mtundu wa 15, ndipo vuto lili pomwepa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mafakitale a ku Japan anatengera mapangidwe amenewa, chimodzimodzinso a ku China monga a Butterfly ndi a ku India monga a Usha. Thupi ndi limodzi, motero maonekedwe amangokuuzani banja, osati mwini wake.

Tsono yang'anani kumanja, pamene mumasinthira kutalika kwa sitichi. Ma 15 akale ali ndi kachitsulo kopotokola koyenda m'kampata koongoka, kopanda manambala, ndipo sabwerera m'mbuyo. Kandodo kokweza ndi kutsitsa, kokhala pa mbale yozungulira ya manambala, kosoketsa chobwerera, kanabwera m'zaka za m'ma 1930. Ngati patsinde pa mzati palinso kabatani kopotokola kotsitsira mano okoka nsalu, kawirikawiri makinawo ndi a pambuyo pa 1950, ndipo otengera ambiri ali nako. Koma chokhachi sichikwanira kugamula mlandu.

Chogamula ndi baji ndi nambala. Singer wakale amakhala ndi baji yachitsulo yonga dzira, yokhomedwa ndi timisomali tiwiri pamzati, yoonetsa chilembo S, shatulo ndi singano ziwiri zopingasana. Ngati inagwa, timabowo take tiwiri mutipeza. Nambala inadindidwa pathebulo, kutsogolo kwa mzati. Pukutani ndi kansanza ka mafuta a makina, muunike ndi tochi ya foni chapendeke kuti manambala atuluke bwino. Ambiri a Singer amene anafika kuno nthawi ya Nyasaland anachokera ku fakitale ya Clydebank ku Scotland, imene inatsekedwa mu 1980. Nambala yoyamba ndi Y ndi ya kumeneko pakati pa 1923 ndi 1935, ndipo zoyamba ndi E kuphatikiza chilembo china, monga EA, zinayamba mu 1935 n'kumapita mtsogolo motsatira alifabeti. Yopanda chilembo konse ndi ya chisanafike chaka cha 1900. Baji yokhala ndi mkombero wabuluu ndi zaka 1851 ndi 1951 imaloza nthawi imene kampaniyo inkakwanitsa zaka 100.

Chilombo chanucho chimatchedwa Sphinx. Singer anachigwiritsa ntchito kuyambira m'ma 1890 mpaka m'ma 1950, ndipo makina opangidwa pambuyo pake ku Asia anachibwerezanso, choncho pachokha sichitchula chaka. Muone mmene chakalambira. Pa makina amene asokadi zaka zambiri, golide amafufutika kutsogolo kwa thebulo pamene nsalu ndi manja zimadutsa, koma kuseri kwa mzati amakhala adakali owala. Zokongoletsa zowala paliponse mofanana, zachikasu kwambiri, zokhala ndi m'mphepete mogwirika ndi chikhadabo, ndi zatsopano kapena zomatidwanso. Chonde musazitsuke ndi sipiliti kapena sopo wa ufa: vanishi wa pamwamba amasungunuka, golide n'kusanduka wotuwa, ndipo sabwereranso.

Tiyerekeze kuti mwapeza chokhwimitsira ulusi kumanzere, sitichi yopanda chobwerera, baji yokhomedwa ndi nambala yoyamba ndi Y. Ameneyo ndi Singer 15K, kutanthauza 15 wa ku Scotland, wa zaka pafupifupi 90 kapena kuposerapo, ndipo atelalawo alakwitsa. Koma ngati baji palibe ngakhale mabowo ake, pendeketsani mutu wa makina muone kunsi. Zilembo JA kapena JC zotsatana ndi nambala, zoumbidwira m'chitsulo, zimaloza ku Japan, makamaka m'ma 1950 ndi 1960. Tumizani zithunzi zitatu, cha nambala, cha mzati ndi cha kunsi, tikuthandizeni kupeza chaka chenicheni.